Katundu Akakwera Kopikula: Kalembedwe ka Kalata Yodziwitsa Makasitomala Mtengo Watsopano

Kabukuka ndi ka ndani?

Kabuku aka ndi ka banja limene lili ndi bizinesi yapakhomo ndipo lili ndi anthu amene amagula kwa ilo sabata ndi sabata: eni magolosale, ophika mandasi, a malesitilanti, masukulu ogonera komweko ndi mabanja oyandikana nawo. Kakufotokoza zoyenera kuchita pamene amene mumapikulako katundu akweza mitengo, ndipo inunso mwaona kuti simungachitire mwina koma kuwonjezera pang'ono.

Tagwiritsa ntchito chitsanzo cha banja loweta nkhuku zoikira mazira. Mitengo ya kwacha imene ili muno ndi yophunzitsira masamu chabe. Inu muikepo mitengo ya pa malisiti anu. Njira yake ndi yomweyo ngakhale mutakhala ophika buledi, ogulitsa mkaka kapena osoka mayunifolomu.

Chifukwa chiyani kulemba kalata?

Kukwera kwa mitengo si kwachilendo kwa kasitomala wanu. Amakumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, katundu yense n'kukwera. Chimene chimamuwawa ndi kudzidzimutsidwa. Watuma mwana ndi ndalama ya masiku onse, mwanayo wabwerako chimanjamanja akuti ndalama yaperewera. Tsiku limenelo kasitomalayo amayamba kufunsa mitengo kwa ena.

Ganizirani za mwini golosale amene amagula kwa inu thireyi ya mazira 30 pa K12,000, n'kumagulitsa dzira limodzi K450. Thireyi yonse imam'bweretsera K13,500, ndiye kuti phindu lake ndi K1,500. Inu mukakweza kufika pa K13,000 osamuuza, phindu lake latsika kufika pa K500. Akasweka mazira awiri okha m'njira, ndiye kuti wagwira ntchito yaulere ndipo wadyanso mpamba. Munthu ameneyu akufunika nthawi yosintha mtengo wake ndi kuwauza anthu ake ogula.

Kalata imathandiza m'njira zitatu:

- Imapatsa kasitomala nthawi yokonzekera.
- Imasiya umboni wa mtengo ndi tsiku, kuti pasadzakhale kukanirana.
- Imachititsa kuti onse amve zofanana kuchokera kwa inu mwini, asanamve kwa wakabaza kapena pamsika.

Gawo loyamba: Werengerani musanagwire cholembera

Kalata yabwino imayambira m'kope la masamu. Ngati simukudziwa ndalama imene mumawononga pa thireyi imodzi, mudzakweza mongoganizira. Mukakweza pang'ono kwambiri, mudzalembanso kalata ina mwezi wamawa. Mukakweza mopitirira, anthu adzakuthawani.

Banja la m'chitsanzo chathu lili ndi nkhuku 100. Nkhuku imodzi yoikira imadya pafupifupi magalamu 120 patsiku, choncho khola lonse limatha makilogalamu 12 patsiku. Tinene kuti zikuikira mazira 80 patsiku. Tsatirani izi:

1. Pezani chakudya chimene chimapita pa dzira limodzi. Gawani makilogalamu 12 ndi mazira 80. Dzira lililonse likudya magalamu 150.
2. Chulukitsani ndi mazira 30 a m'thireyi. Thireyi imodzi ikudya makilogalamu 4.5.
3. Pezani mtengo wa kilogalamu imodzi. Thumba la makilogalamu 50 linali K80,000, kutanthauza K1,600 pa kilogalamu. Tsopano lili K90,000, kutanthauza K1,800 pa kilogalamu.
4. Pezani mtengo wa chakudya pa thireyi. Kale chinali K7,200. Tsopano chafika K8,100. Chakwera ndi K900.
5. Onjezani zina zimene zakwera. Thireyi yapepala yoikamo mazira inali K300, tsopano ili K400. Yakwera ndi K100.
6. Lembani zimene sizinasinthe: katemera, mankhwala, utuchi, magetsi, mayendedwe ndi ndalama yosungira kudzagula nkhuku zina izi zikakalamba. Tinene kuti zonse pamodzi ndi K2,500 pa thireyi.

Mukaphatikiza, thireyi imodzi kale imadya K10,000 ndipo banja limatsala ndi K2,000. Tsopano ikudya K11,000 ndipo pa mtengo wakale banja likutsala ndi K1,000 yokha. Phindu ladulidwa pakati.

Musaipeputse K1,000 imeneyi. Mazira 80 patsiku ndi mathireyi 80 pamwezi, ndiye kuti banjali likutaya K80,000 mwezi uliwonse, ndalama yotsala pang'ono kukwana thumba lonse la chakudya. Kukhala chete chifukwa cha manyazi kumatha mpamba mwakachetechete, mpaka tsiku limene mukulephera kugula thumba ndipo nkhuku zasiya kuikira.

Mtengo watsopano woyenera ndi K13,000. Taonani bwino apa. Thumba la chakudya lakwera ndi 12.5 peresenti, koma mazira akwere ndi pafupifupi 8 peresenti basi, chifukwa chakudya ndi gawo chabe la zimene mumawononga. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amati poti thumba lakwera ndi 12.5 peresenti, thireyi ikwerenso chimodzimodzi, n'kuika K13,500. K500 yapamwambayo siikuchokera kopikula, ndipo kasitomala wodziwa masamu adzaiona.

Musanatsimikize mtengo, chitani zinthu ziwiri. Pitani pamsika mukaone mitengo ya ena monga mmene wogula aliyense amachitira. Ngati onse akugulitsa motsika kuposa K13,000, yang'anani kaye ngati m'khola mwanu mulibe vuto, monga chakudya chotayikira pansi, makoswe, kapena nkhuku zokalamba zimene zikungodya osaikira. Vuto la m'khola silithetsedwa ndi kalata. Chachiwiri, sankhani mtengo wosavuta tchenji. K13,000 ndi yosavuta kukumbukira ndi kulipira kusiyana ndi K12,970.

Gawo lachiwiri: Sankhani tsiku

Kalata iyenera kutchula tsiku lenileni limene mtengo watsopano uyambe. Mawu akuti "posachedwapa" kapena "mwezi wamawa" amabweretsa mkangano.

- Kwa mabanja, magolosale ndi ophika mandasi, perekani masabata awiri.
- Kwa masukulu ndi mabungwe amene amalipira pamwezi, perekani mwezi wathunthu. Iwo amakonzeratu ndalama za teremu yonse, ndipo wogula zakudya sangasinthe mtengo payekha popanda akuluakulu ake kuvomereza. Ngati n'kotheka, yambitsani mtengo watsopano pamene teremu ikutsegulidwa.
- Tsiku loyamba la mwezi ndi labwino chifukwa ambiri amakhala atalandira malipiro, ndipo inunso mumayamba tsamba latsopano m'kope.

Dziwani kuti masiku odikirawa ali ndi mtengo wake. Masabata awiri ndi mathireyi pafupifupi 40, ndiye kuti banjali liluza K40,000 podikira. Njira yochepetsera zimenezi ndi kusazengereza. Tsiku limene mwapeza kuti thumba lakwera, werengerani madzulo omwewo, mawa lake kalata ituluke. Amene amadikira miyezi iwiri akuyembekezera kuti mtengo utsika, ndi amene amadzakweza mwadzidzidzi komanso ndi ndalama yambiri.

Chakudya cha nkhuku chimapangidwa makamaka ndi chimanga ndi soya, ndipo mbewu zimenezi zimakonda kukwera mtengo pamene nkhokwe zikutha, kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka zokolola zitayandikira. Ngati mukulemba kalata mu Seputembala, funsani kumene mumapikulako ngati akuona kuti thumba likweranso posachedwa. Ndi bwino kukweza kamodzi mtengo umene ungakhale miyezi ingapo kusiyana ndi kulemba makalata atatu otsatizana.

Gawo lachitatu: Zoyenera kukhala m'kalata

Kalata isapitirire tsamba limodzi. Ikhale ndi zinthu izi, motsatana chonchi:

1. Dzina la bizinesi yanu, malo, nambala ya foni ndi tsiku lolembera.
2. Dzina la kasitomala. Lembani "Okondedwa Mayi Uje" kapena "Okondedwa Bambo Uje". Munthu amene wakhala akugula kwa inu chaka chonse asalandire kalata yongoti "Kwa onse ogula".
3. Mutu wa kalata wonena nkhani yake mosabisa.
4. Moni ndi kuthokoza, mizere iwiri basi.
5. Nkhani yeniyeni: mtengo wakale, mtengo watsopano ndi tsiku loyambira. Izi zikhale kumayambiriro, osati kumapeto.
6. Chifukwa chake, ndi manambala amene kasitomala angathe kukawatsimikiza yekha.
7. Zimene sizikusintha, monga kukula kwa mazira, masiku obweretsa ndi kalipiridwe.
8. Zimene zichitike pa maoda amene analipiridwa kale.
9. Njira yochepetsera mtengo ngati ilipo.
10. Kutsanzika, dzina lanu ndi siginecha.

Simukuyenera kuulula phindu lanu kapena masamu onse a m'kope. Amenewo ndi a banja lanu. Tchulani zokhazo zimene zakwera kopikula.

Chitsanzo cha kalata

(Dzina la bizinesi, malo ndi nambala ya foni)

16 Seputembala

Okondedwa Mayi Uje,

KUSINTHA KWA MTENGO WA MAZIRA KUYAMBIRA PA 1 OKUTOBALA

Tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Tikuthokoza kwambiri chifukwa chogula mazira kwa ife sabata iliyonse.

Talemba kalatayi kukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Okutobala, thireyi ya mazira 30 idzakhala K13,000. Panopa ili K12,000, ndipo mtengo umenewu upitirira mpaka pa 30 Seputembala.

Chachititsa ndi kukwera kwa chakudya cha nkhuku. Thumba la makilogalamu 50 limene timagula K80,000 tsopano tikugula K90,000. Mathireyi apepala nawonso achoka pa K300 kufika pa K400. K1,000 imene tawonjezerayi ndi yongokwirira zinthu ziwirizi.

Mazira akhalabe aakulu ngati amene mwazolowera, ndipo tipitiriza kukubweretserani Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Mukapeza losweka pofika, tizikusinthirani monga mwa masiku onse. Mazira amene munalipira kale mudzalandira pa mtengo wakale.

Ngati muzigwiritsa ntchito mathireyi anu, tidzakuchotserani K400, ndipo mudzalipira K12,600.

Ngati pali funso, tiimbireni pa nambala ili pamwambayi, kapena tidzakambirane Lachisanu tikabwera.

Ndine wanu,

(Dzina ndi siginecha)

Zimene muyenera kuona m'kalatayi

Mtengo ndi tsiku zili m'ndime yachiwiri. Munthu wotanganidwa m'golosale, makasitomala atam'zungulira, angowerenga mizere inayi n'kumva zonse zofunika.

Chifukwa chake chili ndi manambala. Kasitomala akakayika, atha kupita kumene amagulitsa zakudya za ziweto n'kukafunsa mtengo wa thumba. Akapeza kuti mwanena zoona, sadzakukayikiraninso.

Mulibe kulira. Kalatayi sikutchula fizi ya ana, lendi kapena matenda a pakhomo. Kasitomala nayenso ali ndi zake zotere, ndipo mukazitchula adzaona ngati mukumusenzetsa mavuto a banja lanu.

Mulibe kupepesa kambirimbiri. Kukweza mtengo chifukwa katundu wakwera si mlandu. Ulemu uli m'kudziwitsa nthawi ilipo ndi kunena zoona. Mukapepesa katatu, mukuitana kunenerera, chifukwa mukuoneka ngati inu eni simukukhulupirira mtengo wanuwo.

K400 yochotserayo si mphatso yongopeka. Ndi ndalama imene banjali silidzawononga pogula thireyi, choncho phindu silikhudzidwa. Kuchotsera kulikonse kumene mungalonjeze kukhale kotere. Koma samalani: mathireyi akale ochokera kwina atha kubweretsa matenda monga chitopa. Musawalowetse m'khola kapena mosungira mazira. Muzisamutsira mazira m'mathireyi a kasitomala pamalo pake pomwe, kapena kutali ndi khola.

Uthenga waufupi wa pafoni

Makasitomala ena, monga mabanja oyandikana nanu, sakufunika kalata yapepala. Atumizireni uthenga wotere:

"Mwadzuka bwanji Mayi Uje. Ndine uja wa mazira. Ndikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Okutobala thireyi idzakhala K13,000 kuchoka pa K12,000, chifukwa thumba la chakudya cha nkhuku lachoka pa K80,000 kufika pa K90,000. Mpaka pa 30 Seputembala mtengo ndi wakale womwewo. Zikomo chifukwa chotigula."

Tumizani kwa aliyense payekha, ndi dzina lake. Musaike nkhaniyi m'gulu la WhatsApp la makasitomala onse musanawauze paokhapaokha. M'gulu, mmodzi akangodandaula, enanso amene akanavomera mosavuta amayamba kuthirira ndemanga.

Gawo lachinayi: Kapereke kalata

1. Lembani mndandanda wa makasitomala onse, kuyambira amene amagula kwambiri.
2. Atatu kapena asanu oyambirirawo apitireni nokha. Musatume mwana. Perekani moni, fotokozani nkhani ndi pakamwa, kenako perekani kalata ndi manja awiri. Sankhani nthawi imene sali otanganidwa, ndipo musayambe nkhaniyi pamaso pa anthu awo ogula.
3. Onse alandire tsiku limodzi kapena masiku awiri otsatizana. Wina akamva kwa mnzake kalata yake isanafike, amaona ngati mwam'nyoza.
4. Kusukulu kapena kubungwe, pitani ndi makalata awiri ofanana. Imodzi isiyeni, inayo aisayine kapena aidinde chidindo ndi tsiku, mubwerere nayo.
5. Kasitomala amene amavutika kuwerenga, muwerengereni kalatayo mwaulemu, kenako muisiye kuti mwana kapena mnzake adzam'kumbutse tsiku.
6. Chongani m'kope dzina la aliyense amene walandira ndi tsiku lake.
7. Uzani onse a pakhomo amene amagulitsa kapena kupereka mazira mtengo watsopano ndi tsiku lake. Bambo asanene K13,000 mayi akunena K12,500.
8. Kutatsala masiku awiri, tumizani uthenga wokumbutsa. Amene amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba amakonda kutumiza ndalama yozolowera osafunsa.
9. Tsiku likafika, sinthani mtengo pa chikwangwani ndi pa malisiti.

Mayankho a zimene makasitomala amanena

*"Ine ndine kasitomala wanu wakale, mundisiyire mtengo womwewo."* Yankhani kuti: "Ndi chifukwa chake ndabwera ndekha kudzakuuzani nthawi ilipo. Mtengowu ndi umodzi kwa onse. Mukamagwiritsa ntchito mathireyi anu ndikuchotserani K400." Mukagonja kwa mmodzi mobisa, dziwani kuti nkhaniyo ifika kwa ena sabata isanathe.

*"Kwa uje akugulitsa K12,500."* Musanyoze mnzanuyo. Nenani zimene inu mumachita: mazira a tsiku lomwelo kapena dzulo lake, kubweretsa pakhomo, kusintha osweka. Ngati kasitomala asankha kupita, tsanzikanani bwino ndipo muuzeni kuti khomo ndi lotsekula. Ambiri amabwerera.

*"Ndipatseni mathireyi 20 pa mtengo wakale tsiku lisanakwane."* Mugulitseni kuchuluka kumene amagula masiku onse. Mukam'patsa onse, makasitomala ena asowa mazira, ndipo iyenso akhala ndi mazira ogonera amene adzawonongeka nthawi yotentha, dzina loipa n'kukhala lanu.

*"Chakudya chikatsika mudzatsitsa?"* Ngati mukutsimikiza kuti mudzatero, nenani kuti mudzaunikanso mtengo zokolola zikatuluka. Ndipo nthawiyo ikafika, chitanidi. Ngati simukutsimikiza, musalonjeze.

Machenjezo

- Musaname za mtengo wa kopikula. Ngati thumba lili K90,000 musalembe K95,000. Kasitomala wanu mwina amawetanso nkhuku, kapena mlamu wake amagulitsa zakudya za ziweto.
- Musagwirizane ndi oweta anzanu kuti nonse muike mtengo umodzi. Kupangana mitengo pakati pa ochita malonda ofanana ndi koletsedwa ndi malamulo a m'Malawi, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalanga mchitidwe umenewu. Kuona mitengo pamsika n'kololedwa, koma mtengo wanu utuluke m'kope lanu.
- Ngati muli ndi mgwirizano wolembedwa ndi sukulu kapena bungwe wonena mtengo ndi nthawi yake, kalata yanu siingaufafanize. Werengani mgwirizanowo, pemphani kukambirana, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.
- Ngongole yakale ikhale pa mtengo wakale. Amene anatenga mathireyi atatu pa K12,000 ali ndi ngongole ya K36,000, ngakhale atadzabweza mtengo utasintha.
- Musakweze mobisa pochepetsa katundu. Kusakaniza mazira aang'ono ndi aakulu, kuchepetsa kukula kwa mandasi kapena kuthira madzi mumkaka kumaononga dzina kuposa kukweza mtengo poyera.

Zolakwika zofala

- Kuyamba ndi ndime zitatu za moni ndi mbiri ya bizinesi, mtengo n'kubisala kumapeto. Wowerenga amaona ngati mumafuna kuti asauone.
- Kulemba kuti "mitengo ikwera pang'ono" osatchula nambala. Pang'ono wanu si pang'ono wa kasitomala.
- Kulemba peresenti yokha. Lembani ndalama ya kwacha, yakale ndi yatsopano, moyandikana.
- Kungoti "chifukwa cha mmene zinthu zilili m'dziko muno". Mawu amenewa aliyense amanena, ndipo satsimikizira chilichonse. Tchulani chinthu chimene chakwera.
- Kukumbutsa ngongole m'kalata yomweyo. Nkhani ziwirizi zikasakanikirana, kalata imamveka ngati yokalipa. Ngongole ikhale ndi tsiku lake.
- Kuyamba kulipiritsa mtengo watsopano tsiku lisanakwane, kapena tsiku litakwana n'kumalandirabe mtengo wakale chifukwa cha manyazi. Zonse ziwiri zimachititsa kuti kalata yanu yotsatira isadzamveredwe.
- Kutumiza kalata sabata imene munachedwa kubweretsa katundu kapena munapereka mazira oola. Konzani kaye cholakwikacho, kenako lembani.
- Kusiya kalata isanawerengedwe ndi munthu wina. Ziro mmodzi akasowa, K13,000 imasanduka K1,300. Wina wa pakhomo aiwerenge mokweza isanatuluke.

Mungadziwe bwanji kuti zayenda bwino?

Pakatha mwezi umodzi, tsegulani kope muyerekeze. Musangowerenga makasitomala amene achoka. Werengani ndalama imene yatsala m'manja.

Pa mtengo wakale, chakudya chitakwera, mathireyi 80 amasiyira banjali K80,000 pamwezi. Pa mtengo watsopano, onse akagulidwa, asiya K160,000, monga zinalili kale. Tinene kuti kasitomala mmodzi wa mathireyi 10 wachoka, ndipo mazira akewo mwakagulitsa pamsika pa K12,000. Mathireyi 70 abweretsa K140,000 ndipo 10 aja abweretsa K10,000. Zonse pamodzi ndi K150,000. Mwataya kasitomala, koma muli patsogolo ndi K70,000 poyerekeza ndi kukhala chete.

Koma mazira si chimanga choti mungasunge m'nkhokwe kudikira mtengo. Nkhuku zimadya tsiku lililonse, mazira agulidwe kapena asagulidwe. Choncho yang'anirani zizindikiro izi:

- Mathireyi akuunjikana m'nyumba kupitirira sabata.
- Makasitomala angapo achepetsa oda nthawi imodzi.
- Amene amalipira pompopompo ayamba kupempha ngongole.

Mukaona zimenezi, musathamangire kubweza mtengo. Pitani kwa awiri kapena atatu mukawafunse bwinobwino. Mwina anthu awo ogula sakukwanitsa dzira la K500, ndipo mungawathandize powagulitsa theka la thireyi, mazira 15 pa K6,500, kapena posankhula mazira ang'onoang'ono n'kuwaikira mtengo wawo wotsikirapo. Ngati mwapeza kuti ndinudi okwera kuposa onse a m'dera lanu, bwererani ku kope mukafufuze pamene ndalama ikutayikira.

Mawu omaliza

Sungani lisiti lililonse la kopikula, ndipo mwezi uliwonse werengerani ndalama imene ikupita pa thireyi imodzi, buledi mmodzi kapena lita imodzi ya mkaka. Mukaona kuti phindu layamba kudyeka, musadikire. Pezani ndalama yeniyeni imene yakwera, onjezani yomweyo, sankhani tsiku, lembani tsamba limodzi, ndipo makasitomala anu akuluakulu muwapitire nokha. Ngati thumba lakwera kale ndipo simunawauze, tengani kope ndi malisiti madzulo ano muyambe kuwerengera.